Kuwerenga mphamvu ya netiweki mu dBm: kodi chipinda chanu nchofookadi?

Pa ngodya ya sikirini ya foni iliyonse pali timizere tinayi kapena tisanu tosonyeza netiweki, imene ambiri kuno timangoti rede. Timizereti sitiyeza ndi muyezo umodzi. Kampani iliyonse yopanga mafoni imadzisankhira yokha pamene timizere titatu tiyambira ndi pamene tithera, kotero mafoni awiri okhala pa tebulo limodzi, okhala ndi simu za kampani imodzi, akhoza kusiyana: ina kuonetsa tinayi, ina tiwiri. Pansi pa timizereto pali nambala yeniyeni imene foni imayeza nthawi zonse, ndipo imalembedwa ndi zilembo zitatu, dBm. Munthu amene wadziwa kuiwerenga akhoza kuweruza ngati chipinda chake chikutsekereza netiweki, kapena ngati vuto lili kwina, asanagule simu ina, foni ina kapena mlongoti wa nsungwi.

Tanthauzo la nambalayi

dBm ndi muyezo wa mphamvu ya mafunde a wailesi amene afika pa foni. Poyambira pake ndi 0 dBm, imene ndi miliwati imodzi, kutanthauza gawo limodzi la wati itagawidwa magawo 1,000. Mafunde ochokera pa antena ya kampani akamafika m'thumba mwanu amakhala ochepa kwambiri kuposa pamenepo, nchifukwa chake nambalayi nthawi zonse imakhala ndi kamzere ka kuchotsera kutsogolo kwake: -75, -98, -113.

Kamzereka ndi kamene kamasokoneza anthu. Iwerengeni ngati ngongole. Amene ali ndi ngongole ya mametikali 75 ali bwino kuposa amene ali ndi ya 113. Chimodzimodzi -75 dBm ndi yamphamvu kuposa -113 dBm. Nambala ikamayandikira ziro, netiweki ikulimba, ikamakula, ikufooka.

Chachiwiri choyenera kugwira nchakuti masitepe a dBm sali ngati a sikelo ya chimanga, pamene kilo iliyonse ifanana ndi inzake. Nambala ikatsika ndi 3, mphamvu yatsika ndi theka. Ikatsika ndi 10, mwatsala ndi gawo limodzi mwa magawo khumi. Ikatsika ndi 20, mwatsala ndi gawo limodzi mwa 100. Choncho -90 ndi -100 zimaoneka zoyandikana pa pepala, koma kusiyana kwake kuli ngati kwa mlimi wokolola matumba khumi ndi mnzake wokolola thumba limodzi. Ndi chifukwa chomwechi foni imagwira pakhonde nkumakana mukangolowa masitepe atatu m'nyumba.

Kumene mungaione

Pa mafoni ambiri a Android nambalayi ilimo kale popanda kuikamo kanthu. Lowani mu Settings, kenako About phone, kenako SIM status, mufufuze mzere wa Signal strength. Pa foni yoikidwa Chipwitikizi mzerewo umalembedwa Intensidade do sinal. Pa mafoni ena SIM status imabisala mkati mwa Status kapena Status information. Mudzaona zinthu ziwiri, mwachitsanzo -98 dBm 42 asu. Nambala ya asu ndi muyezo womwewo wolembedwa mwa njira ina. Pa 4G mungoonjezera 140 pa dBm kuti muipeze, ndipo mukhoza kuinyalanyaza.

Njira imeneyi ndi yabwino pongosuzumira, koma poyeza chipinda apu ndiyo ithandiza, chifukwa imasintha nambala muli kuyenda, imaonetsa mtundu wa netiweki imene foni yagwira, ndiponso antena imene ikulankhula nayo. Mu Play Store muli aulere angapo. Poyeza netiweki ya simu pali NetMonster ndi Network Cell Info Lite. Poyeza Wi-Fi pali WiFi Analyzer ndi WiFiman. Mayina ofanana ndi amenewa ndi ambiri, ndipo ena adzaza zotsatsa malonda zimene zimadya mamega. Apu yoyeza ikapempha chilolezo cha Location, ipatseni ndi kuyatsa Location pa foni, popeza Android salola apu kuona antena kapena ma Wi-Fi oyandikira popanda chilolezocho. Mukakana, idzaonetsa sikirini yopanda kanthu. Koma ikapempha kuwerenga mauthenga anu kapena manambala a abale, ichotseni. Ntchito yoyeza sifuna zimenezo. Ndipo apu imene ikulonjeza kukokera netiweki pa foni yanu ikunama: apu imayeza basi, singaonjeze mphamvu ya mafunde.

Pa iPhone maapu otere saloledwa kuwerenga nambalayi. Mmalo mwake zimitsani Wi-Fi, muimbe nambala iyi ngati mukuimbira munthu:

```
*3001#12345#*
```

Idzatsegula tsamba la amisiri, ndipo mufufuze mzere wolembedwa RSRP. Amene ali ndi foni ya mabatani akhoza kubwereka foni ya sikirini kwa mwana kapena mnansi nkuikamo simu yake kwa ola limodzi. Nambala sizidzafanana ndendende ndi zimene foni yake yaing'ono imamva, koma kusiyana kwa chipinda ndi pabwalo kudzaoneka bwinobwino.

Nambala yabwino ndi iti

Yankho lidalira mtundu wa netiweki, ndipo apa ndi pamene ambiri amaweruza molakwika. Pa 4G, imene apu imailemba LTE, nambala yofunika ndi ya RSRP. Kuyambira -80 kupita ku ziro ndi yamphamvu kwambiri, ndipo kawirikawiri mumaipeza muli pafupi ndi antena, monga pa Ulongwe kapena pa Zobwe penipeni. Pakati pa -80 ndi -100 zonse zimayenda, ngakhale kanema. Pakati pa -100 ndi -110 mauthenga a WhatsApp amapita, koma zithunzi zimayamba kuchedwa ndipo kuimba kwa kanema kumadukaduka. Kupitirira -110 muli m'mphepete, ndipo chakuma -120 foni imasiya 4G nkutsikira ku 3G kapena 2G, kapena kutayiratu netiweki. Malire amenewa si mpanda wa waya. Mafoni amasiyana makutu, ndipo kumalo kopanda phokoso la antena zina -108 ikhoza kugwira ntchito mokhutiritsa.

Pa 2G, imene apu imailemba GSM kapena EDGE, muyezo ndi wina. Kumeneko -70 ndi yabwino, -90 ndi yapakati, ndipo kupitirira -100 mawu amayamba kuduka. Muyezowo umathera pa -113. Wi-Fi nayo ili ndi muyezo wake, umene tiufotokoza m'munsimu. Chifukwa chake nchakuti RSRP siyeza mafunde onse a 4G pamodzi, koma kagawo kakang'ono kokha kamene antena imatumiza ngati chizindikiro, ndiye nambala yake imaoneka yotsika ngakhale zinthu zili bwino. Choncho -95 pa 4G ndi yogwirika ntchito, pa 2G ndi yofooka, pa Wi-Fi ndi yakufa. Musanakhulupirire nambala iliyonse, yang'anani kaye chilembo chili pambali pake.

Yezaninso netiweki imene mumagwiritsa ntchito. Ngati chodandaula chanu ndi manambala oyamba ndi nyenyezi a M-Pesa, e-Mola kapena mKesh amene amafera panjira, dziwani kuti pa mafoni ambiri ntchito imeneyo, pamodzi ndi kuimba wamba, imadutsa pa 2G kapena 3G. Zikatero kuyeza 4G yokha sikukuuzani zonse.

Kayezedwe kake

Nambala imodzi sitsimikiza kanthu. Mafunde amagunda makoma ndi malata nkubwerera, kenako nkusakanikirana, kotero kusuntha foni ndi kutalika kwa chikhatho chokha kukhoza kusintha nambala ndi 3 kapena 5. Ngakhale foni itakhala phee pa tebulo, nambala imavinavina. Chimene mukufuna si nambala ya chipinda payokha, koma kusiyana kwa chipinda ndi pabwalo, koyezedwa ndi foni imodzi, simu imodzi, pa mtundu umodzi wa netiweki, mu ola limodzi.

Yambani ndi kuzimitsa Wi-Fi. Ngati foni ili ndi simu ziwiri, onetsetsani kuti mukuwerenga ya simu imene mukuifuna. Tulukani panja pamalo oyera, masitepe khumi kuchoka pa khoma. Igwireni foni ndi nsonga za zala chakumunsi, pa msinkhu wa chifuwa, osati kuifumbata kapena kuigunditsa pamimba, chifukwa thupi la munthu ndi madzi ambiri ndipo limameza mafunde. Dikirani pafupifupi theka la mphindi kuti nambala ikhazikike, ndipo mulembe pa pepala. Lembani kasanu, mukupumira pang'ono pakati. Kenako zindandalikeni kuyambira yamphamvu kufika yofooka, mutenge ya pakati, yachitatu. Njirayi sifuna kuwerengetsera, ndipo nambala imodzi yopenga singakupusitseni.

Chitani chimodzimodzi m'chipindamo, pamalo pamene mumagwiritsiradi ntchito foni: pa mpando, pa bedi, pa tebulo la mlembi. Zitseko ndi mazenera zikhale monga zimakhalira masiku onse. Kuyeza chitseko cha chitsulo chili pululu pamene usiku chimakhala chotseka ndi kudzinyenga. Muli kuyenda, yang'anirani kuti chilembo cha LTE chisasinthe. Foni ikatsikira ku 3G kapena 2G m'chipindamo, nambala ikhoza kuoneka ngati yakwera, nkumati m'nyumba muli bwino kuposa panja, pamene kwenikweni mwasintha sikelo. Kutsikako pakokha ndi umboni wakuti 4G yalephera kulowa.

Chitsanzo cha nyumba ya bungwe la alimi

Tiyerekeze nyumba ya bungwe la alimi a mbatatesi m'mapiri a Angoniya, ya njerwa zootcha ndi denga la malata. Kutsogolo kuli ofesi ya zenera limodzi, kumbuyo kuli chipinda chosungira matumba, chopanda zenera, cha chitseko cha chitsulo. Mlembi amakhala m'chipinda cha kumbuyocho pa tsiku loyeza katundu, ndipo amadandaula kuti zithunzi za malisiti sizipita kwa ogula a ku Tete. Mamembala ena akuti asinthe kampani, ena akuti foni yakalamba.

Pabwalo nambala zisanu zatuluka -97, -99, -98, -98, -100. Zikandandalikidwa, ya pakati ndi -98. Pa zenera la ofesi ya pakati yatuluka -101. M'chipinda cha matumba zatuluka -112, -114, -111, -116, -113, ndipo ya pakati ndi -113. Paliponse foni inali pa LTE.

Ofesi yataya 3 yokha, theka la mphamvu. Theka limamveka lalikulu, koma pa sikeloyi ndi kusiyana kochepa, kosaposa kuvinavina kwa nambala. Ofesi ilibe mlandu. Chipinda cha matumba chataya 15. Khumi yoyamba yasiya gawo limodzi mwa khumi, 5 yotsalayo yagawanso patatu, ndiye m'chipindamo mukufika pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 30 a mphamvu ya pabwalo. Apa mlembi akunena zoona: chipinda chake nchofookadi, ndipo foni ilibe vuto, popeza foni yomweyo ikuwerenga -98 masitepe makumi awiri kuchoka pa mpando wake.

Lamulo losavuta kukumbukira ndi ili: kusiyana kosafika 5 musakuwerengere, kwa 5 mpaka 10 kulipo koma nkwa nyumba wamba, kopitirira 10 ndi chipinda chimene chikutsekereza. Koma kusiyana kokha sikumaliza mlandu. Muonenso pamene kwakufikitsani. Nyumba yomweyo ikanamangidwa pafupi ndi antena, pabwalo pakuwerenga -78, chipinda cha matumba chikanawerenga -93, ndipo palibe akanadandaula. Makoma ndi omwewo, kutaya ndi komweko, koma panali zambiri zotayapo. Mbali inayo, pabwalo pakanawerenga -114, kugwetsa khoma sikukanathandiza. Vuto likanakhala mtunda kapena phiri lili pakati pa mudzi ndi antena, ndipo mankhwala ake ndi kukwera pamwamba kapena kuyesa simu ya kampani imene antena yake ili mbali ina.

Mkati mwa chipinda momwemo nkofunika kufufuza. Malata ndi chitsulo zimabweza mafunde pafupifupi onse, njerwa zootcha ndi konkire zimameza ambiri, pamene udzu, thabwa ndi galasi wamba zimalola kudutsa. Mulu wa matumba a mbatatesi kapena chimanga chosauma bwino ndi khoma linanso, chifukwa cha madzi ali mkatimo. Chipinda chimene chinali bwino chili chopanda kanthu chikhoza kufooka nthawi yokolola. Yendani pang'onopang'ono m'mbali mwa makoma onse anayi, mukweze foni pamwamba pa mutu pafupi ndi mpata wa pakati pa khoma ndi denga, muyesenso pa khomo. Nthawi zambiri mbali imene yayang'ana ku antena imaposa zinazo ndi manambala angapo, ndipo kusuntha tebulo kukhoza kukhala kokwanira. Mitengo nayo imasintha zinthu: nyengo ya dzinja masamba akachuluka ndi kunyowa, nambala imatsika kuposa m'chilimwe.

Pamene nambala ili bwino koma intaneti siyenda

Nthawi zambiri ndithu munthu amayeza nkupeza -88 m'chipinda chimene ankachiimba mlandu. Zikatero chipinda chamasulidwa, ndipo mufufuze kwina. dBm imakuuzani kukula kwa mawu a antena pofika kwa inu, osati kuchuluka kwa anthu amene antenayo ikuwatumikira. Pa tsiku la msika, kapena madzulo aliyense akabwerako kumunda nkugwira foni, antena imodzi imagawira anthu mazana. Chizindikiro chake nchosavuta: dBm ya m'mawa ndi ya madzulo zikufanana, koma m'mawa tsamba limatseguka msanga, madzulo ayi.

Apu imaonetsanso nambala ziwiri zothandiza pamenepa. RSRQ ikakhala chakuma -10 kapena kuyandikira ziro kuposa pamenepo zili bwino, ikafika -15 nkupitirira ndiye kuti pali kudzaza kapena phokoso. SINR, pa mafoni amene amaionetsa, ilibe kamzere zinthu zikakhala bwino: kuposa 13 ndi yoyera, pafupi ndi 0 ndi ngati kumvera wailesi pakati pa chigayo. Ndipo musanapite kutali, onani ngati mamega sanathe. Zimachititsa manyazi, koma zimachitika kawirikawiri kuposa antena kuwonongeka.

Za m'malire

Kwa okhala m'malire, ku Kalomwe, Biriwiri, Kasakatiza kapena Mandimba, pali funso lina lofunika kuyankha musanalembe nambala iliyonse: kodi foni yagwira antena ya dziko liti? Mafunde sadziwa malire, ndipo simu yololedwa kugwira ntchito kunja ikhoza kudumphira ku antena ya tsidya lina ikakhala yamphamvu. Apu imaonetsa nambala yotchedwa MCC. 643 ndi Mozambiki, 650 ndi Malawi, 645 ndi Zambia, 648 ndi Zimbabwe. Pambali pake pamakhala MNC, nambala ya kampani: kuno 01 ndi Tmcel, 03 ndi Movitel, 04 ndi Vodacom, ndipo ku Malawi 01 ndi TNM, 10 ndi Airtel.

Mukaona -85 yokongola pa 650 pamene simu yanu ndi ya kuno, nambalayo si yanu. Mitengo ya kunja ndi ina, ndipo phukusi la mamega limene munagula kuno kawirikawiri siligwira ntchito pa antena ya dziko lina. Zimathekanso kuti pabwalo foni ili pa 643 koma m'chipinda cha mbali ya kummawa yadumphira pa 650, ndipo mukafananiza nambala ziwirizo mukufananiza antena ziwiri zosiyana. Kuti zisachitike, lowani pa Mobile network, muzimitse kusankha kwa Automatic pa Network operators, musankhe nokha kampani ya simu yanu, kenako muyeze.

Ngati m'nyumba muli rauta

Tibwerere ku bungwe lija. Njira yotsika mtengo ndi kuika rauta ya simu, kapena foni yachiwiri yoyatsidwa Hotspot, pa zenera la ofesi pamene pali -101, kuti mlembi azilandira intaneti kudzera pa Wi-Fi. Tsopano ulendo uli ndi miyendo iwiri, kuchoka pa antena kufika pa rauta, ndi kuchoka pa rauta kufika pa foni, ndipo mwendo uliwonse umayezedwa paokha. Woyamba mumauona pa tsamba la rauta, limene adiresi yake imalembedwa pa kapepala kali pansi pake. Marauta ambiri amaonetsa RSRP pamenepo. Wachiwiri mumauyeza ndi WiFi Analyzer kapena WiFiman.

Pa Wi-Fi, pafupi ndi rauta mumapeza -30 mpaka -45. Mpaka -67 kuimba kwa kanema kumayenda bwino. Chakuma -70 mpaka -75 mauthenga ndi masamba zimayendabe, pa -80 zimadukaduka, ndipo pa -90 palibe chimene mungachite. Pamalo oyera, mtunda ukawirikiza kawiri nambala imatsika ndi 6, koma khoma limodzi la njerwa likhoza kudya zoposa pamenepo. Rauta ikakhala ndi mayina awiri, la 2.4 GHz ndi la 5 GHz, muyeze lililonse palokha, la 2.4 GHz limapyola makoma bwino. Muyendenso modekha: kuyambira Android 9, foni imalola apu kufufuza Wi-Fi kanayi kokha pa mphindi ziwiri, ndiye nambala ya pa sikirini ikhoza kukhala ya pamene munaima poyamba. Dikirani theka la mphindi pamalo aliwonse musanalembe.

Tinene kuti mlembi wapeza -63 pa khomo la chipinda cha matumba ndi -78 kuseri kwa mulu. Akhale mbali ya khomo, kapena rauta ikwezedwe pa shelufu kuti mafunde adutse pamwamba pa matumba. Koma rauta isachotsedwe pa zenera nkupita nayo m'chipindamo pofuna kuti timizere ta Wi-Fi tidzaze. Tidzadzaladi, foni idzawerenga -40, koma rautayo idzakhala ikumva antena pa -113, monga foni ya mlembi inkamvera poyamba.